Kanema wa mphindi ziwiri: kutumiza ndalama pafoni popanda kuberedwa

[Kamera ili pa mayi wolankhula, foni ili m'manja]

Moni nonse. Ndikutumiza ndalama kwa mchemwali wanga, ndiye tiyeni tichitire limodzi.

[Kamera iyandikire pafoni]

Ndayimba kodi ya kampani yanga ya foni, ndasankha kutumiza ndalama, ndalemba nambala yake ndi kuchuluka kwa ndalamazo. Apa musathamange. Werengani nambalayo kawiri, ndipo ngati foni yaonetsa dzina la wolandira, onetsetsani kuti ndi la munthu wanuyo. Dzina likakhala lachilendo, siyirani pomwepo. Zonse zikakhala bwino, lembani nambala yanu yachinsinsi, pini ija, mutaphimba ndi dzanja.

[Uthenga ulowa]

Uwu ndi umboni. Muli nambala ya ntchitoyi, ndalama zomwe zapita, zomwe adula ndi zotsala. Musaufufute.

[Kamera ibwerere pankhope]

Mwaona kuti ndalama sizinachoke mpaka nditalemba pini? N'chifukwa chake akathyali amalimbana ndi inuyo. Amafuna muwatumizire nokha, kapena muwapatse piniyo.

[Pafoni paoneke uthenga wabodza]

Chinyengo chomwe chimandiwawa kwambiri ndi ichi, poti chimagwira anthu achifundo. Mulandira uthenga woti mwalandira ndalama. Posakhalitsa wina ayimba, mawu ali njenjenje: "Pepani, ndalakwitsa nambala, zinali za wodwala, ndibwezereni." Taonani komwe uthengawo wachokera: nambala wamba ya munthu, pomwe weniweni umabwera ndi dzina la kampani. Komabe musadalire maso okha. Dulani foniyo, funsani balansi nokha. Ngati siyinakwere, palibe chomwe chalowa. Ngati yakweradi, muuzeni ayimbire kampani, ndiyo ibweze. Inu musatumize.

[Uthenga wina: "Ndalama ija mutumize pa nambala iyi, inayo yavuta"]

Uwu amangoumwaza kwa anthu ambirimbiri, podziwa kuti wina alidi ndi ngongole yoti abweze lero. Imbirani mwiniwakeyo pa nambala yomwe mumaidziwa kale, mumve mawu ake.

Wokuuzani kuti mwapambana mphoto, koma muyambe mwalipira kangachepe, ndi wakuba basi.

[Foni ilira, wolankhula ayiyang'ana]

Ndiye pali awa odzitcha ogwira ntchito kukampani. Aulemu kwabasi, mwina dzina lanu akulidziwa. Akuti akaunti yanu itsekedwa mukapanda kutchula pini kapena kodi yomwe yangolowa kumene. Ayi ndithu. Pini siuzidwa kwa wakampani, kwa ejenti, ngakhale kwa wachibale. Akati "dinani zomwe ndikuuzeni", dziwani kuti akukutumizitsani ndalama.

[Dzanja lidula foni]

Ngati mwatumiza kale, musachite manyazi. Imbirani kampani yanu nthawi yomweyo, perekani nambala ya pa uthenga uja, sinthani pini, kenako kaneneni kupolisi. Ndipo netiweki ikazima mwadzidzidzi pafoni yanu yokha, anzanu ili bwinobwino, thamangirani ku ofesi ya kampaniyo ndi chiphaso chanu. Mwina wina wasinthitsa simu yanu.