Kalata Yofotokoza Tsamba la Buku la ku Brazil

Bunda, Lilongwe
14 Malichi 2025

Olemekezeka Aphunzitsi,

Ndikhulupirira muli bwino. Pamodzi ndi kalata ino ndatumiza chithunzi cha tsamba lija ndinakutchulirani tikutuluka m'kalasi Lachiwiri, komanso pepala lomwe ndalembapo tanthauzo lake. Tsambali ndi la m'buku la zanthaka losindikizidwa ku Brazil m'Chipwitikizi. Anajambula pa foni ndi msuweni wanga amene akuphunzira zaulimi ku Mozambique, ndipo ndi yemweyonso anandithandiza kumasulira, mzere ndi mzere. Manambala, tebulo ndi zilembo zachidule ndazisiya momwe ziliri m'bukumo kuti muzitha kuyerekeza ndi chithunzicho.

Nkhani ya tsambali ndi kawerengeredwe ka laimu wofunika pa hekitala m'nthaka ya asidi wambiri. Olemba bukuli sayambira pa pH yokha. Amayamba afunsa kuti, pa malo onse amene nthaka ingasungepo michere, ndi gawo lanji lomwe lili ndi kashiamu, maginiziyamu ndi potaziyamu. Gawo limenelo, pa 100 iliyonse, ndi lomwe alemba V. Fomula yake ndi iyi:

```
NC = (V2 - V1) x T / PRNT
```

NC ndi matani a laimu pa hekitala. V1 ndi momwe nthaka iliri pano, V2 ndi pomwe mlimi akufuna kuifikitsa, T ndi mphamvu yonse ya nthakayo yosunga michere, ndipo PRNT ndi mphamvu ya laimuyo, kutengera zomwe zili mkati mwake ndi kusalala kwa ufa wake. Ndayesera ndekha ndi manambala ongoyerekeza: T akhale 8, V1 akhale 30, V2 akhale 60, PRNT akhale 80. Yankho ndi matani 3 pa hekitala, amene ndi matumba 60 a makilogalamu 50.

Powerenga chithunzicho pali malo ofunika kusamala. M'Chipwitikizi amaika chizindikiro cha koma pamene ife timaika kadontho, choncho 2,5 wa mu tebulomo ndi 2.5 wathu. Komanso fomula ili momwemu imagwira ngati T wayezedwa mu cmolc/dm³. Ma labu ena a ku Brazil komweko amapereka T mu mmolc/dm³, ndipo zikatero yankho liyenera kugawidwanso ndi 10, apo ayi munthu angauze mlimi matani 30 m'malo mwa 3. Koma chomwe chingasokoneze kwambiri anzanga m'kalasi ndi pH ya mu tebuloyo. Inayezedwa mu CaCl2 osati m'madzi, ndipo pH yotere imatuluka yotsika ndi pafupifupi 0.5. Wosadziwa angaganize kuti nthaka yawo ndi yoipa kuposa momwe iliridi.

Chimene chinandikoka mtima ndi chakuti nthaka imene akukambayo, yomwe iwo amaitcha Latossolo, ndi ya katondo, yofiira, yakuya, yosukuluka ndi mvula, ndipo ikufanana ndi yomwe munatiphunzitsa kuti imapezeka ku Mulanje, Thyolo ndi Nkhata Bay. Dera lawo la Cerrado linkaonedwa ngati losalimika mpaka m'zaka za m'ma 1970, pamene laimu, fosifolasi ndi kafukufuku wa bungwe la Embrapa, lomwe linakhazikitsidwa mu 1973, zinalisandutsa nkhokwe ya soya ndi chimanga. Ngakhale mvula yawo imagwa kuyambira cha mu Okutobala mpaka Epulo, pafupifupi ngati kwathu kuno.

Komabe ine sindikuona kuti manambala a tsambali tingawatenge momwe aliri n'kupita nawo kwa alimi athu. Fomulayi ikuwerengera kuti laimu wasakanizidwa m'munda monse kuzama masentimita 20, miyezi ngati itatu asanadzale, ntchito yomwe kumeneko amagwira ndi thirakitala. Mlimi wa kwathu amaunga mizere ndi khasu, ndipo amene akuvutika kupeza matumba awiri a fetereza sitingamuuze za matumba 60 a laimu. Zimenezi zikundivuta mumtima, chifukwa asidi akachuluka, aluminiyamu amalepheretsa mizu kukula ndipo fosifolasi amamangika m'dothi, motero fetereza wochepa uja amene mlimi wamuvutikira sagwiranso ntchito mokwanira.

Pempho langa ndi lakuti mundilole kugwiritsa ntchito tsambali pa semina yathu ya mwezi wamawa, poyerekeza njira ya ku Brazil ndi imene timaphunzira kuno. Ndikufunanso kuwerengera kuti laimu angachepe bwanji atamathiridwa pa mzere pokha. Ngati mungapeze mpata, mundiyang'anireko pepala lomasuliralo, makamaka gawo la PRNT, ndisanagawire anzanga. Nditha kubwera ku ofesi kwanu Lachinayi masana kapena tsiku lina lililonse limene mungandiuze.

Zikomo kwambiri.

Ine wophunzira wanu,
wa chaka chachitatu, maphunziro a zanthaka