Saiko yothamanga ija Lachisanu siitheka

Achimwene mwaswera bwanji, pepani ndakulemberani usiku chonchi koma ndati ndinene lero lomwe kusiyana ndi kudzakudzidzimutsani Lachisanu. Saiko ya animeshoni ya mtsikana wothamanga ndi dengu la tiyi ija sinditha kuipereka tsiku tinagwirizana lija, ndikupempha mpaka Lachiwiri masana.

Vuto lalikulu ndi mapazi, akutsetsereka ngati akuthamanga pa matope a chiperoni. Ine ndinapanga saikoyo ali malo amodzi, mafulemu 16 pa 24 fps, masitepe awiri, sitepe iliyonse mamita 1.2, ndiye kuti pa saiko imodzi akuyenda mamita 2.4. Dzulo nditaiika mu shoti ndapeza kuti root, yomwe imayendetsa thupi lonse, ikuyenda mamita atatu pa mafulemu omwewo, ndiye phazi likaponda pansi m'malo moima likukokedwa, masentimita 60 pa saiko iliyonse, ndipo poti kamera ili pansi pakati pa mizere ya tiyi zikuonekeratu. Apa cholakwa ndi changa, ndimayenera kuyeza liwiro ndisanayambe kusalaza makevu mu Graph Editor.

Ndinayesa chidule, kutalikitsa sitepe, koma mwendo ukuwongoka mpaka kumapeto ndipo bondo likudumpha pa fulemu 1 ndi 9 pomwe phazi likufika pansi, IK yake ikukana. Ndiye njira ndi ziwiri, nditsitse saiko ifike mafulemu 13 kapena 12 kuti miyendo izisinthana msanga, apo ayi muwauze a leyauti achepetse liwiro la root. Ine ndikuona kuti yachiwiriyi ndiyabwino, munthu wobereka dengu lodzaza sathamanga ngati wa mpira, koma mwini chiganizo ndinu.

Za dengulo, Loweruka ndinakajambula mlongo wanga akuthamanga nalo kuno ku Chitakale (anandilipiritsa fanta ndi mandasi, musaseke) ndiye ndaona kuti thupi limawerama kwambiri, manja sagwedezeka momwe ndinapangira chifukwa amagwira zingwe paphewa, komanso dengu limachedwa kutsika mafulemu ngati awiri chiuno chitatsika kale. Zanga zija dengu langomatirira kumsana ngati thabwa. Manja onse ndiyambiranso.

Magetsi nawonso anazima Lolemba kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 7 madzulo ndipo batire ya laputopu yangayi ola limodzi siikwanitsa ikatsegula Blender, koma sindikubisala kumeneko ayi, ngakhale akanayaka mapazi akanatsetserekabe.

Mawa ikamakwana 10 ndikutumizirani kavidiyo ka mapozi akuluakulu okha, kuchokera m'mbali ndi kutsogolo, kuti muone ndisanapite patali. Fayilo ili mu foda yathu ija, `run_dengu_v04.blend`. Mungondiyankha za root zo usiku uno ngati mudakali maso, ndikadziwa ndiyamba m'mamawa.