Kalata yofunsa mtengo wa chakudya cha pa mwambo wa chiliza

Lilongwe
22 Juni 2026

Okondedwa Mayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse amene mumagwira nawo ntchito. Amene andilozera kwa inu ndi mlamu wanga, yemwe anadya chakudya chanu pa chinkhoswe ku Area 25.

Loweruka pa 15 Ogasiti banja lathu likumana kumudzi ku Linthipe, m'boma la Dedza, pa mwambo wovundukula chiliza cha malemu bambo athu. Tikuyembekezera akuluakulu 120 ndi ana pafupifupi 30. Chakudya tikufuna chikhale chokonzeka pofika 12 koloko masana, anthu akamachokera kumanda.

Chonde tiuzeni mtengo wa munthu mmodzi, ndiponso ngati ana mumawawerengera mosiyana. Maganizo athu ndi nsima ndi mpunga wa Kilombero, nkhuku ya lokolo, nyama ya mbuzi, nyemba, kabichi ndi nkhwani wotendera. Nkhumba ayi, chifukwa tili ndi abale achisilamu ochokera ku Mangochi. Mbuzi ndi nkhuku zomwe tidzapempha kuti azinge ndi shehe. Thobwa adzaphika okha amayi akumudzi, musaliwerengere.

Chimene ndikufuna kumvetsa bwino ndi zimene zili mkati mwa mtengowo. Kodi mbale, masipuni, makapu, mabeseni osambira m'manja ndi anthu operekera chakudya zili momwemo? Nanga zakumwa zoziziritsa kukhosi, nkhuni ndi thiransipoti? Kumudziko kulibe magetsi, madzi ndi a pa mjigo, ndipo mukachoka pa msewu wa M1 pali makilomita 6 a msewu wafumbi. Ngati izi zikuwonjezera ndalama, mutiuziretu panopa. Ndalamayi tikusonkha apachibale, ena akutumiza kuchokera ku Joni, ndiye sindingathe kubwereranso kwa iwo tsiku litayandikira n'kumati panatsala zina.

Amalume alonjeza mbuzi ziwiri, ndipo ufa woyera tili nawo wokwanira. Tikapereka zimenezi, mtengo ungatsike bwanji? Mutilembere mitengo yonse iwiri kuti tiyerekeze.

Mukudziwa nokha kuti mwambo wa kumudzi sutengera makhadi. Mafumu amabwera ndi nduna zawo, anansi nawonso sangabwezedwe. Bambo athu sankalola mlendo kuchoka pakhomo ndi njala, ndiye zingatipweteke kwambiri chakudya chitaperewera pa tsiku lawo. Kodi anthu akapitirira ndi 20 kapena 30 mumachita bwanji, ndipo mumalipiritsa motani?

Tiuzeninso ndalama yoyamba imene mumafuna, tsiku loimalizira yotsalayo, komanso ngati mumalandira pa Airtel Money, Mpamba kapena ku banki. Poti zinthu zikukwera pamsika, kodi mtengo umene tigwirizane udzakhala womwewo mpaka tsikulo?

Akuluakulu a banja akumana pa 4 Julaye, choncho tingathokoze yankho lanu lolembedwa litatipeza tsikuli lisanafike.

Zikomo kwambiri.

Ine wanu,
Mwana wachisamba wa malemu, m'malo mwa banja lonse