Uthenga kwa Ogwira Ntchito: Kusamutsa Mabuku a Maoda

Anzanga nonse a muofesi ndi kosungira katundu,

Lolemba likudzali tiyamba kulowetsa mabuku athu a maoda mu kompyuta. Alipo 43, kuyambira chaka cha 2016. Tiyamba ndi a chaka chino n'kumabwerera m'mbuyo, chifukwa ndi momwe muli ngongole zomwe makasitomala sanamalize kubweza.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi mayina. Dzulo ndapeza kasitomala mmodzi walembedwa katatu: pena "Mayi a ku Lunzu", pena dzina la golosale yawo, pena nambala ya foni yokha. Kompyuta idzawatenga ngati anthu atatu. Choncho tisanalembe oda iliyonse, tikhale pansi tigwirizane dzina limodzi la munthu aliyense. Pamenepa tidalira inu a mbali yogulitsa, poti mumawadziwa ndi nkhope.

Masiku onse alembedwe motere: chaka, mwezi, kenako tsiku, monga `2019-03-07`.

Mabuku awiri a 2018 adanyowa denga litadontha, inki idafalikira. Chonde musalote manambala. Pomwe sipakuwerengeka siyani, tidzafufuza m'malisiti.

Buku lililonse likatha, wina awerengerenso ndalama zake ndi kusayina pachikuto. Musataye ngakhale limodzi, onse abwerere mu kabati yokiya.

Mpaka kumapeto kwa mwezi, maoda atsopano tizilemba m'buku ndi mu kompyuta momwe, popeza magetsi amathima.

Zikomo,
Woyang'anira malonda