Pempho losuntha tsiku lopereka kaundula watsopano wa katundu kufika pa 28 Malichi

Lachinayi, 6 Malichi

Amayi olemekezeka,

Ndikukulemberani kupempha kuti tsiku lopereka kaundula watsopano wa katundu lisunthe kuchoka Lachisanu pa 14 Malichi, monga tidalembera mumgwirizano wathu, kufika Lachisanu pa 28 Malichi. Ndi masabata awiri owonjezera. Ndaona kuti ndi bwino ndikuuzeni lero, kudakali masiku asanu ndi atatu, kusiyana n'kukudzidzimutsani tsikulo litakwana inu mutakonza kale antchito anu.

Pulogalamu ya pakompyuta ya kaundulayo idatha ndipo ikuyenda bwino. Chatigwira mwendo ndi zolembedwa zakale zimene tikusamutsa kuchokera m'mafayilo a Excel a nyumba zanu zitatu zosungiramo katundu. Zonse pamodzi zili ndi mizere 18,400. Titazilowetsa koyamba Lolemba lapitali, mizere pafupifupi 2,300 idakanidwa kapena idalowa molakwika, ndipo yonseyo ndi ya nyumba yachiwiri ndi yachitatu.

Vuto lalikulu lili pa madeti. Makompyuta ena a alembi anu adatcheredwa kuti aziyamba ndi tsiku kenako mwezi, ena aziyamba ndi mwezi kenako tsiku. Ndiye munthu akalemba 03/04, kompyuta ina imamva kuti ndi pa 3 Epulo pomwe inzake imamva kuti ndi pa 4 Malichi. Tsiku likaposa 12 cholakwikacho chimaonekera msanga, chifukwa kulibe mwezi wa nambala 13, koma likakhala pakati pa 1 ndi 12 palibe chimene chimakuchenjeza, detilo limangooneka labwinobwino. Dzulo ndidatenga invoisi imodzi ya papepala ya mankhwala otsukira n'kuiika pambali pa fayilo. Papepala padalembedwa kuti katunduyo atha mphamvu pa 9 Febuluwale, mufayilo mukuti pa 2 Seputembala. Tikadalowetsa momwemo, kaundula watsopano bwenzi akuuza ogulitsa anu kuti katundu amene adatha kale mphamvu akadali ndi miyezi yambiri. Zimenezi sindingakupatseni n'kunena kuti ntchito yatha.

Vuto lina ndi la nambala za bakhodi, timizere takuda tija timene amasikana papaketi. Nambala zimenezi zimakhala ndi manambala 13. Excel ikaona nambala yaitali chotere m'kabokosi kamene sikadatcheredwe ngati mawu, imaionetsa mwachidule, mwachitsanzo 6.01E+12, ndipo fayiloyo ikasungidwa ili choncho ngati CSV, mtundu wa fayilo umene umangosunga zimene zikuoneka m'timabokosi, manambala akumapeto amatayika osabwereranso. Pa mafayilo a nyumba yachitatu izi zidachitika kalekale, moti katundu wosiyanasiyana akuoneka ngati ali ndi nambala imodzi. Maziro oyambirira pa nambala zina za katundu nawonso adagwa, 00457 idasanduka 457. Za mazirozi takonza kale ndi kompyuta, sizidatenge ndi tsiku lomwe. Koma madeti ndi mabakhodi palibe njira yachidule, munthu ayenera kutsegula invoisi kapena kukagwira paketi yeniyeniyo n'kuona.

Apa pali kulakwa kwanga, ndipo ndikuvomera. Pamene ndinkawerengera nthawi ya ntchitoyi mu Januwale, ndidangoyang'ana mafayilo a nyumba yoyamba, amene ndi osamalika bwino, n'kuganiza kuti enawo ali chimodzimodzi. Ndikadapempha mafayilo onse atatu nthawi imeneyo, bwenzi nditakuuzani tsiku loona kuyambira pachiyambi. Pepani kwambiri. Alembi anu sadalakwe kanthu, ankalemba monga kompyuta inkawalolera.

Tsiku la 28 Malichi sindidalitole m'mutu. Anthu awiri a gulu langa akuyerekeza mizere yovutayo ndi mapepala, ndipo patsiku akumaliza pafupifupi mizere 300. Adayamba Lachiwiri, pofika dzulo madzulo adali atatha 600. Yotsala 1,700 iwatengera masiku asanu ndi limodzi ogwira ntchito, kutanthauza kuti amaliza Lachinayi pa 13 Malichi. Ndidaganizapo zowonjezera anthu ena, koma munthu wachilendo amene sadziwa katundu wanu angatibweretsere zolakwika zina, ndiye ndasankha kuti apitirize awiriwa basi. Kuthamanga sikufika.

Kuyambira pa 17 mpaka pa 21 Malichi kaundula watsopano adzayendera limodzi ndi mafayilo akale m'nyumba yachiwiri ndi yachitatu, ndipo madzulo alionse tizidzaona ngati ziwerengero za mbali ziwirizi zikufanana. Maphunziro a antchito anu adzakhala pa 24 mpaka pa 26. Tsiku la 27 ndalisiya dala lopanda ntchito, kuti ngati patuluka kanthu kena tidzakhale ndi mpata wokonza. Pa 28, nthawi isanakwane 12 koloko masana, ndidzakupatsani kaundula yense, buku lofotokoza kagwiritsidwe kake, ndi mndandanda wa mzere uliwonse umene tidausintha pamodzi ndi chifukwa chake.

Ndikukumbukira zimene mudanena pamsonkhano wathu woyamba, kuti cholinga chanu chachikulu n'chakuti kuwerenga katundu kwa pa 31 Malichi kudzachitike ndi kaundula watsopano. Zimenezo sizisintha. Chimene chachepa ndi nthawi yoti antchito azolowere, popeza m'malo mwa masabata awiri angokhala ndi masiku ochepa. Pachifukwa chimenechi ine mwini ndidzakhala nanu tsiku lonse la pa 31, ndipo anzanga awiri adzakhala m'nyumba zinazo, popanda malipiro ena.

Komanso simudzakhala chimanjamanja pa 14 Malichi. Zolembedwa za nyumba yoyamba zilibe vuto lililonse, choncho gawo limenelo ndidzalipereka pa tsiku lomwe tidapangana, ndipo antchito a kumeneko angayambe kuligwiritsa ntchito Lolemba pa 17.

Mtengo wa ntchito sukusintha. Masiku owonjezerawa ali pamutu panga, ndipo invoisi ya gawo lomaliza la malipiro ndidzatumiza pokhapokha mutalandira ntchito yonse n'kusayina kuti mwakhutira. Ngati mukuona kuti ndime ya mumgwirizano yonena za kuchedwa iyenera kugwira ntchito, sinditsutsa, tikhoza kukambirana.

Kwa inu ndikupempha thandizo pa zinthu ziwiri. Choyamba, mabuku a mainvoisi a nyumba yachitatu a chaka chatha, amene sitidawaonebe. Tikuwafuna pofika Lolemba pa 10 Malichi, ndipo ngati kutumiza kuli kovuta, ingondiuzani, tidzabwera tokha kudzawajambula komweko. Chachiwiri, mlembi mmodzi wa nyumba imeneyo amene amadziwa bwino mashelefu, atithandize maola awiri m'mawa uliwonse sabata yamawa posikana mapaketi amene nambala zake zidatayika.

Ngati mwavomera tsiku latsopanoli, chonde ndiyankheni molemba pofika Lachiwiri pa 11 Malichi, kuti ndikonze kalata yachidule yosintha tsiku mumgwirizano tisayinirane. Kuyambira mawa ndizikutumizirani uthenga Lachisanu lililonse wosonyeza mizere imene yatha ndi imene yatsala. Mukafuna kuona nokha vuto la madeti lija, ndingabwere ndi invoisi ija ndi fayilo mawa m'mawa nthawi imene ingakukomereni, sizingatenge mphindi zoposa 20.

Zikomo kwambiri, Amayi, chifukwa cha kuleza mtima kwanu.

Ndine wanu pa ntchito,
Mtsogoleri wa gulu losamutsa kaundula wa katundu