Lipoti la Ngozi: Kugwa kwa Wantchito M'sitolo

Lembani zimene zinachitikadi, osati zongoganiza. Mboni ikhale yoona ndi maso.

Malo: sitolo ya chimanga ku Kapata, Chipata
Tsiku: Lachiwiri, 9 koloko m'mawa
Wovulala: Bambo Zulu, onyamula matumba

Zimene zinachitika: Atasenza thumba la makilogalamu 50, anaterereka pakhomo nagwera kumanzere. Dzanja linatupa pomwepo, koma sanakomoke. Tinawamanga bandeji n'kuwatengera kuchipatala.

Mboni: Mayi Tembo, olemba matumba, anali pasikelo ndipo anaona zonse. Bambo Phiri anangomva kukuwa, choncho sitinawalembe ngati mboni.

Choyambitsa: madzi a mvula odontha kudenga, ndiponso chimanga chotayika pansi. Panalibe chikwangwani chochenjeza. Denga limeneli likonzedwe msanga, chonde, chifukwa onyamula amadutsa pomwepo tsiku lonse.

Wolemba: kapitawo wa sitolo