Chitsime cha Kudambo

Mvula itangokata, Nabanda, mlangizi wa zaumoyo, anayedzeka njinga pamtengo wa mango. M'kaundula mwake munali dzina la mnyamata yemwe anagonekedwa dzulo ndi kolera.

"Odi, agogo! Amene anadya mbale imodzi ndi mdzukulu wanu ndani?"

"Palibe, mwanangu," anayankha agogowo maso ali pansi.

Nabanda sanawakakamize. Anakhala pamphasa, nathira kolorini mumtsuko, akufotokoza kasungunulidwe ka Thanzi: paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi otetezedwa. Kenaka kuseri kwa nkhokwe kunamveka mwana akusanza.

Agogo anausa moyo. "Timaopa kuti mukamutenga sabwerera."

"Tikachedwa ndiye sabwerera. Madzi mumatunga kuti?"

"Pachitsime cha kudambo. Mjigo unafa."

Nabanda analemba mayina asanu, nabereka mwanayo.